Ansala ya matirikisi ikumangotuluka yolakwika? Onani pomwe mukusochera

Vuto ili ndimaliona kawirikawiri, munthu kuchulukitsa manambala amatha bwinobwino, kuwonkhetsa amathanso, koma ukangomupatsa mamatirikisi awiri kuti achulukitse, ansala imatuluka ina. Akabwereza imatulukanso ina yosiyana ndi yoyamba ija, ndiye amangofika ponena kuti masamu amenewa si anga. Koma nthawi zambiri masamuwo alibe vuto, chomwe chachitika ndi choti munthu wataya malo. Sakudziwanso kuti nambala yomwe akuwerengerayo ikakhala pati mu ansala, ndipo chifukwa cha chimenecho wagwira mzere wolakwika kapena kolamu yolakwika.

Tigwirizane kaye mawu awiri kuti tisasokonezane. Ndikati mzere ndikunena manambala opingasa, oyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ndikati kolamu ndikunena manambala otsika, kuchokera pamwamba kupita pansi. Matirikisi ya 2×3 ndiye kuti mizere 2, makolamu 3, mizere ndi imene imatchulidwa koyamba nthawi zonse. Ena amasochera pomwepa asanayambe n'komwe, amawerenga makolamu koyamba, ndiye zonse zotsatira zimakhota.

Tigwiritsa ntchito mamatirikisi awa mpaka kumapeto, alembeni papepala kuti tiziyendera limodzi:

```
A =  2   1   3        B =   1    5
     0  -1   4              2   -3
                           -2    6
```

A ndi 2×3, B ndi 3×2. Musanachulukitse kalikonse lembani masaizi awiriwa moyandikana, (2×3)(3×2). Manambala awiri apakatiwo, 3 ndi 3, ayenera kufanana. Akasiyana basi imani pomwepo, samuyo siyitheka, ndipo palibe njira yoikakamizira. Manambala awiri akunja, 2 ndi 2, ndi amene akukuuzani saizi ya ansala, ndiye AB ikhala 2×2, manambala anayi okha. Chifukwa chomwe apakatiwo ayenera kufanana n'chosavuta: mzere uliwonse wa A uli ndi manambala atatu, kolamu iliyonse ya B ilinso ndi atatu, ndipo tiwakwatitsa awiriawiri. Kukhala kuti mzere uli ndi atatu koma kolamu ili ndi awiri, nambala imodzi isowa inzake.

Tsopano chinthu chomwe ndimalimbikira kwambiri, ndipo ambiri amachidumpha poti amaona ngati n'kutaya nthawi. Jambulani ansala yopanda manambala, mungolemba maadilesi:

```
AB =  c11   c12
      c21   c22
```

Timanambala tating'ono tiwirito ndi adilesi ya malowo, koyamba ndi mzere, kachiwiri ndi kolamu. Ndipo adilesi yomweyo ndi imene ikukuuzani chochita. c21 ikutanthauza kuti tengani mzere 2 wa A ndi kolamu 1 ya B. Mzere umachokera ku matirikisi yakumanzere, kolamu imachokera ku yakumanja, sizisinthana ayi. Mukakhala ndi adilesi simufunikanso kuloweza kuti pambuyo pa ichi pamabwera chiti, mukhoza kuyambira malo aliwonse amene mukufuna, ngakhale omaliza, ansala ikhala yomweyo.

Tiyeni tichite c11 pang'onopang'ono. Mzere 1 wa A ndi 2, 1, 3. Kolamu 1 ya B ndi 1, 2, -2. Chala chakumanzere chiziyenda chopingasa pa A, chakumanja chizitsika pa B, ndipo zala ziwirizi zizisuntha limodzi. Yoyamba ndi yoyamba, yachiwiri ndi yachiwiri, yachitatu ndi yachitatu, kenako muwonkhetse zonse zitatu kuti zibale nambala imodzi. Zinayi zonse zikutuluka chonchi:

```
c11 = (2)(1) + (1)(2)   + (3)(-2) =  2 + 2 - 6  = -2
c12 = (2)(5) + (1)(-3)  + (3)(6)  = 10 - 3 + 18 = 25
c21 = (0)(1) + (-1)(2)  + (4)(-2) =  0 - 2 - 8  = -10
c22 = (0)(5) + (-1)(-3) + (4)(6)  =  0 + 3 + 24 = 27
```

```
AB =   -2   25
      -10   27
```

Taonani mmene mabulaketi afolera pamwambapa. Mu c11 ndi c12 manambala oyamba m'gulu lililonse ndi 2, 1, 3 osasintha, poti tidakali pa mzere 1 wa A. Mu c11 ndi c21 manambala achiwiri ndi 1, 2, -2 osasintha, poti tidakali pa kolamu 1 ya B. Mukalemba ntchito yanu motere, diso lokha limatha kugwira pomwe mwadumpha, musanawerengere n'komwe.

Ndiye tibwere ku zomwe zimalakwika, ndi mmene mungadziwire kuti chakuchitikirani ndi chiti.

Ngati ansala yanu yatuluka ndi manambala asanu ndi limodzi, kaya 2×3 kaya 3×2, ndiye kuti mwachulukitsa koma simunawonkhetse, kapena mwangochulukitsa nambala ndi inzake ya malo ofanana ngati mmene timachitira powonkhetsa mamatirikisi. Chizolowezi chimenechi chimachokera kutali, paja kuwonkhetsa mamatirikisi timayamba kuphunzira ndipo kumeneko zimayendadi malo ndi malo, ndiye dzanja limangopitiriza zomwezo. Pa 2×3 ndi 3×2 bola, poti maonekedwe akusiyana ndipo munthu amakayika yekha. Pomwe zimapweteka ndi pamene onse awiri ali 2×2, chifukwa ansala yolakwikayo imatulukanso 2×2, yooneka bwino, yosakayikitsa:

```
1  2     5  6       zolondola:  19  22      zolakwika:   5  12
3  4     7  8                   43  50                  21  32
```

19 uja wachokera ku (1)(5) + (2)(7). Chizindikiro chake n'choti, mukayang'ana ntchito yanu ndipo simukuona pulasi paliponse, ndiye kuti simunachulukitse matirikisi. Malo aliwonse mu ansala amayenera kukhala ndi magulu ochuluka mofanana ndi nambala yapakati ija. Kwa ife ndi 3, ndiye magulu atatu pa malo aliwonse, malo anayi, kuchulukitsa kokwana 12. Werengani, mukapeza 11 ndiye kuti gulu lina lasowa.

Ndipo gulu lomwe limakonda kusowa ndi la ziro. Mzere 2 wa A ukuyamba ndi 0, munthu amati aaa ziro alibe ntchito, n'kumudumpha ndi chala chakumanzere koma chala chakumanja chikadali pa nambala yoyamba. Zikatero -1 amakwatitsidwa ndi 1 m'malo mwa 2, 4 amakwatitsidwa ndi 2 m'malo mwa -2, ndiye c21 imatuluka -1 + 8 = 7 m'malo mwa -10. Ziroyo zoona sawonjezera kanthu, koma amasunga malo. Lembani (0)(1) ngakhale mukudziwa kuti ndi 0, sizitenga nthawi.

Vuto lina ndi loti manambala onse anayi ndi olondola koma awiri asinthana malo, 25 wapita pansi kumanzere, -10 wakwera pamwamba kumanja. Izi zimachitika munthu akagwira kolamu 1 ya B n'kumaliza nayo mizere yonse ya A, akupeza -2 kenako -10, zomwe sizolakwika, koma polemba akulemba chopingasa m'malo motsika. Manambala amene atuluka ku kolamu imodzi ya B amayenera kukhalanso mu kolamu imodzi ya ansala. Mankhwala ake ndi adilesi ija basi, muzilemba c21 = musanayambe kuwerengera, osati kuwerengera kaye kenako n'kumafunafuna poika.

Kenako pali kutembenuza, kuwerengera BA pomwe funso lati AB. Pa manambala wamba 3 × 5 ndi 5 × 3 n'chimodzimodzi ndiye mutu umazolowera kuti dongosolo lilibe kanthu, koma kuno lili ndi kanthu kwambiri. Lembani masaizi muone, BA ndi (3×2)(2×3), apakati ndi 2 ndi 2 ndiye ikutheka, koma akunja ndi 3 ndi 3. Ansala yake ndi ya manambala 9, ndipo malo aliwonse ali ndi magulu awiri okha:

```
BA =   2   -4   23
       4    5   -6
      -4   -8   18
```

Mwachitsanzo 23 uyo ali mzere 1 kolamu 3, wachokera ku mzere 1 wa B womwe ndi 1, 5 ndi kolamu 3 ya A yomwe ndi 3, 4, ndiye (1)(3) + (5)(4) = 23. Choncho mukafunsidwa AB ya 2×3 ndi 3×2 koma mwapeza manambala 9, musavutike kufufuza masaini, mwangotembenuza. Pomwe onse ali 2×2 saizi sikuthandizani, chifukwa AB ndi BA zonse zimatuluka 2×2 koma kawirikawiri manambala ake amasiyana, ndiye apo muyenera kungoyang'anitsitsa chilembo chomwe chili kumanzere mufunso.

Pali kanjira kamene kamathetsa mavuto awiri apitawa nthawi imodzi, ndi kakhalidwe ka papepala chabe. Lembani A kumanzere, B muikweze m'mwamba chakumanja, ansala ikhale pakona pomwe ziwirizi zikukumana:

```
                 1     5
                 2    -3
                -2     6

  2   1   3     -2    25
  0  -1   4    -10    27
```

Tsopano malo aliwonse a ansala, mukayang'ana kumanzere kwake mukuona mzere wake, mukayang'ana pamwamba pake mukuona kolamu yake. 27 ali moyang'anizana ndi 0, -1, 4 ndipo ali pansi pa 5, -3, 6. Saizi ya ansala nayo imadzionetsa yokha, simungalembe manambala 9 pamalo pomwe pakukwana anayi. Ine njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse ndipo ndimalangiza aliyense amene akuyamba kuti azilemba chonchi mpaka zala zitazolowera.

Tatsala ndi vuto lomwe limadya anthu ambiri ngakhale odziwa kale njira, ndilo masaini. Apa saizi ili bwino, malo ali bwino, koma nambala imodzi ndi yolakwika ndipo siikuwa ayi, yangokhala phee pakati pa zinzake. Pa chitsanzo chathu msampha uli mu c22, pa (-1)(-3). Mayinasi kuchulukitsa ndi mayinasi imabala pulasi, ndiye ndi +3. Munthu akamachita m'mutu, akuthamanga, amalemba -3 n'kupeza 21 m'malo mwa 27. N'chifukwa chake ndaika nambala iliyonse mu mabulaketi ake. Mukalemba -1 × -3 + 4 × 6 popanda mabulaketi, timizere ta mayinasi timasakanikirana ndi zina zonse, pena kamodzi kamangosowa pokopera.

Funso lenileni ndi loti mudziwa bwanji kuti mwalakwitsa, pomwe palibe ansala yoti mufananitse nayo. Kubwereza samu yonse sikuthandiza kwenikweni, mutu umakonda kudutsa njira yomweyo n'kugweranso m'dzenje lomwelo. Pali cheki ina yachidule yomwe imadutsa njira yosiyana.

Wonkhetsani mzere uliwonse wa B. Mzere woyamba 1 + 5 = 6, wachiwiri 2 - 3 = -1, wachitatu -2 + 6 = 4. Mwapeza kolamu yatsopano, 6, -1, 4. Ichulukitseni ndi mizere ya A monga mwa nthawi zonse:

```
mzere 1:  (2)(6) + (1)(-1)  + (3)(4) = 23
mzere 2:  (0)(6) + (-1)(-1) + (4)(4) = 17
```

Manambala awiriwa ayenera kufanana ndi zomwe mupeze mukawonkhetsa mizere ya ansala yanu. Mzere woyamba -2 + 25 = 23, zagwirizana. Wachiwiri -10 + 27 = 17, zagwirizananso. Zimatheka chifukwa mzere wa A umachulukitsa kolamu iliyonse ya B ndi manambala omwewo, ndiye kaya muwonkhetse makolamuwo musanachulukitse kaya mutachulukitsa, chotuluka n'chimodzi.

Chitaninso mbali inayo. Wonkhetsani kolamu iliyonse ya A motsika: 2 + 0 = 2, kenako 1 - 1 = 0, kenako 3 + 4 = 7. Mwapeza mzere watsopano, 2, 0, 7. Uchulukitseni ndi makolamu a B:

```
kolamu 1:  (2)(1) + (0)(2)  + (7)(-2) = -12
kolamu 2:  (2)(5) + (0)(-3) + (7)(6)  = 52
```

Makolamu a ansala akuti -2 - 10 = -12 ndi 25 + 27 = 52. Zonse zili bwino.

Tsono taonani mmene macheki awiriwa amagwirira wakuba. Tiyerekeze munalemba 21 uja m'malo mwa 27. Mzere 1 ukupereka 23, uli bwino. Mzere 2 ukupereka -10 + 21 = 11 pomwe timayembekeza 17, ndiye cholakwika chili mu mzere 2. Kolamu 1 ikupereka -12, ili bwino. Kolamu 2 ikupereka 25 + 21 = 46 pomwe timayembekeza 52. Mzere 2 ndi kolamu 2 zikukumana pa c22, ndiye simufunika kubwereza zonse, mungobwerera pa malo amodziwo. Ndipo kusiyana kwake kukukuuzaninso zambiri, 17 kuchotsa 11 ndi 6, 52 kuchotsa 46 ndi 6 yemweyo. Saini ikatembenuka pa gulu limodzi, kusiyana kumakhala kawiri gulu limenelo, chifukwa mwachoka pa +3 kukafika pa -3. Ndiye gawani 6 pawiri, mupeza 3, yang'anani gulu lomwe labala 3 mu c22, ndi (-1)(-3) uja. Kusiyana kukakhala nambala yosagawika pawiri, pomwe manambala onse ndi athunthu, dziwani kuti si saini yokha, mwina mwaphonya pochulukitsa kapena mwakopera nambala molakwika.

Machekiwa amagwiranso kusinthana malo kuja. Mukaika -2, -10 pamwamba ndi 25, 27 pansi, mizere yanu ipereka -12 ndi 52, omwe ndi manambala amene timayembekeza ku makolamu. Mukaona kuti zoyembekezera ku makolamu zatulukira ku mizere, musafufute kanthu, manambala ndi abwino, mungowabwezera m'malo mwake.

Koma ndinene zoona pa malire ake. Cheki ya mizere yokha siigwira munthu amene wasinthanitsa manambala awiri a mzere umodzi, poti 25 + (-2) ndi 23 yemweyo, n'chifukwa chake ndikuti muzichita zonse ziwiri. Ndipo ngati munakopera A kapena B molakwika kuchokera mufunso, macheki onse avomera, chifukwa samu mwaichita bwino koma ndi ya matirikisi ina. Ndiye musanayambe, yang'ananinso zomwe mwakopera, makamaka mamayinasi. Komanso cheki ikakana, nthawi zina cholakwika chili mu chekimo osati mu ansala. Mukaona mzere ukukana koma makolamu onse akuvomera, yambani mwabwereza cheki ya mzerewo musanakhudze ansala.

Mwina wina akufunsa kuti lamuloli linabwera bwanji, bwanji osangochulukitsa malo ndi malo n'kuthana nazo. Ndikuona kuti kudziwa pang'ono chifukwa chake kumathandiza kuti lisamaiwalike. Ganizani B ngati makina olandira manambala awiri n'kutulutsa atatu, A ngati makina olandira atatu n'kutulutsa awiri. AB ndi makina amodzi ochita ntchito ya onse awiri, B koyamba kenako A. Lowetsani 1 ndi 0 mu B, ikupatsani 1, 2, -2, yomwe ndi kolamu yake yoyamba. Lowetsani atatuwo mu A, mupeza -2 ndi -10, kolamu yoyamba ya AB ndendende. Ndiye manambala apakati aja kufanana kwake n'koti zomwe B ikutulutsa zikwane pakamwa pa A. Arthur Cayley, katswiri wa masamu wa ku England, ndi mmodzi mwa omwe analongosola kuchulukitsa kumeneku m'zolemba zake za mu 1858, ndipo anakutenga kuchokera ku maganizo omwewa, olowetsa zotsatira za gulu lina la maikwezhoni mu gulu linzake.

Kwa amene mukuchitira pa kompyuta, mavuto ake ndi omwewa angosintha nkhope. Mu Python ndi NumPy chizindikiro cha nyenyezi chimachulukitsa malo ndi malo, chomwe mukufuna ndi ichi:

```
A @ B
```

Mukalemba `A * B` pa 2×3 ndi 3×2 ikukanirani ndi uthenga wa masaizi, bola pamenepo mwadziwa. Koma pa awiri a 2×2 siidandaula, ingokupatsani 5, 12, 21, 32 uja mwakachetechete. Mu Excel mumagwiritsa ntchito `MMULT`, ndipo ikakubwezerani `#VALUE!` yang'anani zinthu ziwiri: ngati makolamu a matirikisi yoyamba akufanana ndi mizere ya yachiwiri, komanso ngati pali kabokosi komwe mwasiya kopanda kanthu. Pomwe pali ziro, monga poyambira mzere 2 wa A, mulembemo 0 weniweni.

Yesani nokha BA ija osayang'ana, mwa njira yokweza matirikisi yachiwiri m'mwamba, apa ndiye B ikhala kumanzere, A pamwamba. Pocheka, mizere ya A ikawonkhetsedwa ikupereka 6 ndi 3, ndiye mizere ya ansala yanu iyenera kupereka 21, 3 ndi 6.